Kajambulidwe ka mutu wa kasitomala asanaluke ndi ataluka, ndi foni basi

Zithunzi ziwiri zija, china tsitsi lisanagwiridwe china ntchito itatha, zimakopa makasitomala ngati chilichonse pa zithunzipo chili chimodzimodzi kupatula tsitsi lokha. Mpando womwewo, khoma lomwelo, kuwala kofanana, mutu utayang'ana mbali yomweyo. Zikasiyana, munthu woona pa sitetasi amangoti aaa apa angosintha kamera, kapenanso amakayika ngati ndi munthu mmodzi. Ndikamba za mu saluni poti ndi komwe ndimakhala tsiku lonse kuno ku Kasungu, koma ometa ndi opaka zodzoladzola atolapo zawo.

Choyamba si kamera ayi, ndi kupempha. Ndipo kupempha kwake kukhale kasitomala asanamasule duku, asanakhale pampando. Mukadikira mpaka mwamasula tsitsi lake theka, zala zanu zili mmutu mwake, ndiye mukuti ndikujambuleni, munthu amavomera chifukwa cha manyazi kapena kuopa kuti akakana mumuluka mokoka. Anthu athu kukana maso ndi maso kumativuta, timangoti "chabwino" mawu ali pansi maso ali kumbali. Chabwino wotero ine ndimamuwerenga ngati ayi.

Popempha musangoti ndikujambuleni. Nenani zinthu zitatu: mujambula chiyani, muziika kuti, ndipo akakana palibe chosintha. Ine ndimati, "Asisi, ndimakonda kujambula ntchito yanga tisanayambe ndi tikamaliza. Ndijambula kumbuyo ndi mmbali, nkhope siioneka. Ndimaika pa sitetasi ya WhatsApp ndi pa peji ya saluni pa Facebook. Ngati simukufuna ingonenani, ndikulukani bwinobwino chimodzimodzi, mtengo ndi womwewo." Kwa munthu wamkulu mawu amasintha, mumati amayi, ndipo mumafunsa chapansipansi osati mokuwa saluni yonse ikumva, chifukwa pagulu sangakane.

Malo oika aja muziwatchula limodzilimodzi chifukwa sali ofanana. Sitetasi imachoka pakatha maola 24 ndipo amaona ndi okhawo amene muli ndi manambala awo nawonso ali ndi yanu. Peji ya pa Facebook imaonedwa ndi aliyense, apongozi ake, abwana ake, akumpingo, ndipo chithunzi chimakhala pompo mpaka mutachichotsa. Chikwangwani chomata pakhomo la saluni ndi nkhani inanso, munthu amene wavomera sitetasi sanavomere kuti nkhope yake izipsa ndi dzuwa mmbali mwa msewu chaka chonse. Komanso muwauze chilungamo kuti ngakhale sitetasi, wina akhoza kupanga sikirinishoti, inu simungaletse. Ambiri akamva zimenezo amati kumbuyo kokha jambulani, nkhope ayi, ndipo zimenezo nzokwanira chifukwa ntchito yanu ili pa tsitsi.

Chilolezo cha pakamwa chimaiwalika, ndiye chisiyeni polembedwa. Njira yosavuta ndi kumutumizira uthenga pa WhatsApp ali pompo, iye nkuyankha:

"Mwavomera kuti ndijambule tsitsi lanu lero kumbuyo ndi mmbali, popanda nkhope, ndiike pa sitetasi ndi pa peji ya saluni. Mukasintha maganizo mundiuze ndichotsa. Yankhani EYA ngati zili bwino."

Akayankha, dinani uthengawo kwa kanthawi muuike kanyenyezi kuti musadzavutike kuusaka. Amene alibe WhatsApp, kakope ka saluni kamagwira ntchito: deti, dzina, zomwe wavomera, asayine. Amene kuwerenga kumamuvuta muwerengereni, anene yekha pa voisi noti. Izi si zokometsera chabe, kuno ku Malawi kuli lamulo la mu 2024 loteteza mbiri ndi zinsinsi za anthu lomwe likuyang'aniridwa ndi MACRA, ndipo chithunzi choti munthu nkuzindikirika chili mgulu la zinthu zake. Mwana wosakwana zaka 18 chilolezo chimachokera kwa kholo kapena womulera, osati kwa iye yekha, osatinso kwa mkulu wake wa folomu 3 amene wangomuperekeza. Ana a sukulu amabwera ambiri sabata yotsekera kudzaluka, ine popanda mayi ake pafupi foni imakhala mthumba. Ndipo ngakhale kholo lavomera, mwanayo akamabisa nkhope msiyeni, yunifolomu ndi baji ya sukulu zisaonekenso.

Tsopano malo. Apa ndi pomwe ambiri zimawasokonekera, chifukwa kuluka si kumeta koti mphindi makumi awiri mwamaliza. Wani wani wa meshi amadya maola asanu, asanu ndi limodzi, nthawi zina kuposa. Chithunzi choyamba mwajambula 9 koloko mmawa, chachiwiri 3 koloko masana, dzuwa lachoka kummawa lapita kumadzulo. Mukajambulira pabwalo, choyamba chiwala mbali ya kumanja chachiwiri kumanzere, ndipo masana dzuwa lili paliwombo maso amalowa mmithunzi, chipumi nkumanyezimira. Ndiye sakani malo amthunzi koma owala, monga pakhonde kapena mkati pafupi ndi chitseko chotsegula, pomwe dzuwa silifika mwachindunji kuyambira mmawa mpaka madzulo. Tengani tsiku limodzi muziyang'ana pamalopo 9 koloko, 12 koloko ndi 4 koloko. Dziwaninso kuti mthunzi umasuntha ndi nyengo: mu Juni ndi Julayi dzuwa limadutsa chakumpoto ndiye khonde loyang'ana kummwera limakhala pamthunzi tsiku lonse, koma mu Disembala dzuwa limapendekera kummwera pang'ono, malo omwewo akhoza kuyamba kulowa dzuwa. Pansi pa mtengo wa mango musayerekeze, kuwala kodutsa mmasamba kumaika mawangamawanga mmutu ngati munthu ali ndi zipere.

Kuwala kuchokere kumbuyo kwa inu wojambula, kugwere pa mbali ya mutu yomwe mukujambulayo. Mukaimika kasitomala pakhomo inu muli mkati mukuyang'ana panja, kamera imaona kuwala kwa kunja nkudetsa china chilichonse, mutu umangotuluka bii, mizere osaoneka. Ndiye ndi inu amene mupereke msana ku chitseko. Pojambula mbali zosiyanasiyana inu musamazungulire mpando, kasitomala ndi amene azitembenuka, inu ndi kuwala mukhale pamodzimodzi.

Kumbuyo kwake kukhale kopanda zambiri. Khoma loyera mbee limavutitsa tsitsi lakuda, chifukwa kamera imaona kuyera kochuluka nkuchepetsa kuwala, ndiye tsitsi limasanduka chibuluma chakuda. Khoma la penti yowala kwambiri, yofiira kapena yobiriwira ngati mashopu ambiri a mtauni muno, limaponyera mtundu wake pakhungu ndi pa meshi. Chabwino ndi nsalu yamtundu umodzi wotuwa kapena wa khaki, mamita awiri akwana, mukhomere misomali iwiri pakhoma, muziisita. Chitenje chamaluwa ayi, chimalimbana ndi malukidwe. Pakhoma la simenti losapaka penti ndi pabwinonso. Mpando usagunde khoma, usiyeni mita imodzi kutsogolo kuti chithunzithunzi cha mutu chisamate kumbuyo.

Mukapeza malowo alembeni pansi. Kapenti pang'ono kapena tepi pomwe pakhale miyendo ya mpando, ndi kamzere kena pomwe muziima inu, pafupifupi mita imodzi ndi theka kuchokera pampando. Zikuoneka ngati zachibwana koma pakatha maola asanu ndi limodzi msana ukuwawa simungakumbuke kuti munaima pati. Mtunda umenewu uli ndi chifukwa chake. Kamera yayikulu ya foni imatenga malo otambalala, ndiye mukayandikira kwambiri chomwe chili pafupi chimafufuma, mphuno kapena nkhongo imakula, makutu amathawira kumbuyo. Choyamba mukajambula pafupi chachiwiri patali, mutu umasintha shepu ndipo anthu amaganiza kuti ndi anthu awiri.

Foni nayo ikonzeni kamodzi. Gwiritsani ntchito kamera ya kumbuyo, ya selefi ndi yofooka ndipo mafoni ambiri imatembenuza chithunzi, mzere wa kumanzere nkuoneka kumanja. Siyani pa 1x. Pa 0.5x mutu umapindika, ndipo kukoka ndi zala ziwiri pa mafoni athu ambiriwa kumangodula chithunzi nkuchikulitsa, tsitsi limaoneka ngati phala. Lowani mu Settings ya kamera muyatse Grid, pa Samsung amalemba Grid lines, pabwera timizere togawa sikirini, ndiye muziika nsonga ya mutu pa mzere wapamwamba nthawi zonse. Kukula kwa chithunzi sankhani 4:3 osati Full, foni itaima chilili. Kenako zimitsani zitatu izi: Flash, Beauty ndi Portrait. Fulashi imamenya mafuta a mtsitsi ndi meshi nkubweza kuwala koyera, mizere imasowa. Beauty, yomwe pa Tecno ndi itel anthu amaikonda kwambiri, imasalaza khungu ndi kuliyeretsa, imasalazanso khungu la mmutu pakati pa mizere pomwe pali umboni woti munagawa mwaukhondo. Portrait imachititsa khungu zakumbuyo koma imalephera kudziwa pomwe tsitsi lathera, ndiye nsonga za zingwe imazidya. Pomwepo mu Settings zimitsaninso Location tags kapena Location, makamaka ngati mumakalukira anthu kunyumba kwawo, chifukwa chithunzi chimatha kusunga malo enieni omwe chinajambulidwira.

Ndipo pukutani kagalasi ka kamera. Ife a mu saluni zala zathu zimakhala mafuta okhaokha, kuphatikiza fumbi la mu Okutobala, ndiye zithunzi zimatuluka ngati muli utsi, magetsi akutuluka timizere. Anthu amati foni yatha pomwe ndi mafuta chabe. Kansalu kofewa kouma, osati thaulo lomwe mwapukutira mmanja, ndipo muzipukuta kawiri konse, poyamba ndi pomaliza.

Tiyeni titenge mutu umodzi tiuyendetse. Mayi wachokera ku Chamama, wafika 9 koloko, tsitsi lake ndi lachilengedwe lofika mmakutu, akufuna wani wani wakuda wofika pamapewa. Wavomera kumbuyo ndi mmbali, nkhope wakana, wayankha EYA pa foni. Mwamukhazika pampando wa pa chizindikiro uja. Tsitsi lipeseni kaye mmene mumachitira musanayambe kuluka, musalisiye nyankhalala dala kuti chachiwiri chidzaoneke chodabwitsa. Ena amachita zimenezo, choyamba mumdima munthu atakwinya nkhope, chachiwiri pa dzuwa atapaka lipisitiki akuseka. Kumeneko ndi kumunyozetsa munthu amene wakuchitirani ulemu, ndipo akadziona sabweranso. Mufunditseni kansalu ka saluni kamodzimodzi pamapewa pa zithunzi zonse, kamathandiza pawiri: zovala sizisokoneza, komanso anthu samuzindikira ndi bulauzi kapena chitenje chake. Ndolo zodziwika, chipsera cha pakhosi kapena mphini zimaululanso munthu ngakhale nkhope palibe, mufunseni ngati avule ndolozo.

Imani pa mzere wanu. Foni ikhale mulingo wa makutu ake, ndiye poti iye wakhala pansi inu muwerame kapena mukhale pa situlu, osajambula chotsitsa kuchokera mmwamba. Zigongono zigunde mnthiti. Dinani pa sikirini pomwe pali tsitsi, osati pa nsalu ya kumbuyo. Pabwera kabokosi kapena kabwalo ndi kachizindikiro ka dzuwa pambali, kakokereni mmwamba pang'ono mpaka muyambe kuona tsitsi palokhapalokha osati chikuda chimodzi. Mukaona kuti khungu la pakhosi layamba kutuwa kapena kansalu kayera mopitirira, mwapyola, bwezani. Mafoni ambiri mukadina nkugwiritsa kwa masekondi awiri amatseka pomwepo, iPhone imalemba AE/AF LOCK, ena amaonetsa kaloko, ndiye kuwala sikusinthasintha pomwe iye akutembenuka.

Jambulani kumbuyo, kenako atembenukire kumanja, kenako kumanzere, pomaliza aweramitse mutu pang'ono muone pamwamba pomwe pali magawidwe. Pa za mmbali, poti nkhope wakana, asatembenuke mpaka mphuno kuonekera, angofika poti khutu likuoneka tsaya likubisika. Siyani malo mmbali ndi pansi, chifukwa tsitsi lomwe pano lathera mmakutu madzulo lifika pamapewa, mukadzaza mutu pa chithunzi choyamba chachiwiri sichikwana ndipo mudzakakamizika kubwerera mmbuyo. Mbali iliyonse dinani kawiri katatu. Musanayambe kuluka tsegulani chimodzi muchikulitse ndi zala pa tsitsi: ngati tsitsi likuoneka limodzilimodzi zili bwino, ngati lapakika ngati penti ndiye dzanja linagwedezeka kapena kuwala kwachepa, bwerezani pompo. Chachiwiri mukhoza kubwereza ngakhale mawa, koma choyamba mukangoluka mzere umodzi chapita.

Apa pali china chofuna nzeru. Mukamapesa nkupeza kuti tsitsi linadonyoka mmbali, muli mfundu wambiri kapena zilonda, chilolezo chija anapereka asanadziwe kuti zimenezo zioneka. Muonetseni chithunzicho mufunsenso. Ine za zilonda ndi zipere sindiika nkomwe ngakhale mwiniwake ati ikani, nkhani ya matenda a munthu si yotsatsira malonda.

3 koloko yakwana, mwamaliza, mwaviika nsonga mmadzi otentha, mwadula timaubweya totuluka. Dikirani ziume kaye, meshi yonyowa imanyezimira mosiyana ndipo imadonthezera pa kansalu. Sipuleyi yowalitsa ija ikani pang'ono kapena muike mutajambula. Sesani zidutswa za meshi pamapewa ndi pansi. Kenako musanajambule tsegulani zithunzi za mmawa muziyang'ane, mutu unali pa mzere uti, phewa limathera pati, anaweramira motani. Mpando pa chizindikiro, inu pa mzere, 1x, pukutani galasi, dinani pa tsitsi. Meshi imabweza kuwala kuposa tsitsi lachilengedwe ndiye kadzuwa kaja mwina simukakweza ngati mmawa, choyezera chanu chikhale khungu la pakhosi ndi nsalu ya kumbuyo, zikafanana ndi za mmawa ndiye mwakhoza. Mbali zinayi zomwe zija mundondomeko yomweyo, ndipo onjezani chimodzi chapafupi choonetsa poyambira zingwe, chimenechi ndi chomwe odziwa kuluka amayang'ana.

Nanga mukamaliza kutada? Zimachitika kwambiri, makamaka miyezi yozizira pomwe 6 koloko isanakwane kunja kwada kale. Chithunzi cha masana ndi cha babu sizigwirizana, babu lina limapereka chikasu lina buluu, ndipo kukachepa kuwala kamera imachedwa kutseka ndiye zonse zimatuluka zogwedera ndi timadontho. Ngati mukudziwiratu kuti mumaliza usiku, jambulani choyambacho ndi babu lomwelo, chitseko ndi makatani zitatsekedwa, kuti zonse zikhale za kuwala kumodzi. Babu lisakhale pamwamba penipeni pa mutu, likhale kutsogolo chammwamba, kumbuyo kwa inu. Magetsi akazima, nyale yotchaja kapena ya sola mnzanu aigwire, koma aiwalitsire pa khoma loyera kapena pa pepala lalikulu kuti kuwala kubwerere kofewa, osalunjika pa meshi. Foni itsamiritseni pa msana wa mpando wina muike Timer ya masekondi atatu kuti chala chisaigwedeze. Mukaona mizere yakuda yopingasa pa sikirini ndi babulo likuphethira, sinthani babu kapena nyale. Koma kunena zoona wokhala pafupi, wa ku Chankhanga kapena mtauni momwemo, bola kumupempha adzadutse mawa mmawa, wani wani sasokonekera usiku umodzi akagona atamanga duku. Wa ku Chamama sangabwererenso chifukwa cha chithunzi, ameneyo konzekerani za babu. Masana musasakanize, ngati mukujambulira kuwala kwa pakhomo zimitsani babu la mkati, apo ayi theka la mutu lituluka lachikasu.

Musanatumize kulikonse yang'anani mmakona mwa chithunzi. Mu saluni muli magalasi, ndipo galasi limabweretsa nkhope ya kasitomala yomwe anakana ija, kapena mayi wina amene ali mu dirayala tsitsi lili mmarola amene simunamupemphe nkomwe. Dulani kapena jambulaninso. Kenako mupatseni foni mwiniwake aone yekha zomwe mukufuna kuika, achotse chomwe sakuchifuna. Ngati mukufuna kubisa nkhope pa chithunzi chomwe yaonekera, kudula ndi kwabwino kuposa kumata kaemoji, chifukwa kaemoji kamasiya chibwano ndi masaya ndipo tauni yathu ndi yaying'ono.

Kuphatikiza ziwirizo nkosavuta, mu Gallery kapena Google Photos sankhani zonse ziwiri mudine Collage, choyamba kumanzere chachiwiri kumanja, mitu ifanane kukula ndipo makutu akhale pa mzere umodzi. Lembani timawu tochepa, "asanaluke" ndi "ataluka", mtundu wa malukidwe ndi maola omwe zinatenga. Dzina lake ayi, kumutaga ayi, pokhapokha atapempha yekha. Fyuluta musaike. Ngati mwakweza kuwala pa chimodzi kwezaninso chimodzimodzi pa chinzake, ndipo musafufute totupa ta mmbali ngati munakoka kwambiri, kasitomala wina adzabwera akufuna zomwe anaona pa chithunzi.

WhatsApp imafinya zithunzi, ndipo tsitsi ndi lomwe limayamba kuonongeka chifukwa ndi timizere ting'onoting'ono. Potumizira kasitomala zake dinani HD, kapena tumizani ngati Document kuti chipite chonse mmene chilili, kungoti chimadya bandulo yambiri ndiponso Document imapita ndi zonse zobisika mchithunzi kuphatikizapo malo ngati simunazimitse Location ija. Poika pa peji tengani chochokera mu Gallery, osati chomwe chazungulira kale pa WhatsApp kawiri.

Pangani foda imodzi ya zovomerezedwa zokha, kuti tsiku lina mukusaka choika musatenge cha munthu amene anati sungani koma musaike. Foni ya saluni ikhale ndi loko, ndipo atsikana othandiza asamajambule ndi mafoni awo, chilolezo anapatsa saluni osati aliyense wogwira chipeso. Wina akaimba kuti chotsani, mwina bambo akunyumba sanasangalale kapena wangosintha maganizo, musafunse zifukwa. Chotsani pa peji, pa sitetasi, mu Gallery, kenako lowani mu Trash kapena Recently deleted chifukwa mafoni ambiri amasunga zofufutidwa masiku 30, muonenso mu Google Photos ngati Backup inali yoyatsa. Mukatero mulembereni kuti mwachotsa malo akuti ndi akuti, ndipo mumuuze poyera kuti ngati wina anasunga kale pa foni yake kumeneko inu simungafikeko.